Mwana wa Bakali

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma kuwerenga sindinaleke. Zaka zimene ndinkagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ku Balaka ndinkagula mabuku akale a nkhani za apolisi ofufuza milandu, ena opanda chikuto, ena opanda tsamba lomaliza. Mwina n'chifukwa chake ndinayamba kulemba zanga, kuti kamodzi ndidziwe wakuba ndani.

Wowerenga ndinali naye mmodzi, mkazi wanga. Masana a Lamlungu ndinkamuwerengera pakhonde iye akusenda nandolo, ndipo nthawi zonse ankamugwira wolakwa ndisanafike pakati. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzamufikitsa patsamba lomaliza asakudziwa.

Nkhani yake inali ya telala wa pa Ntaja amene anamubera makina osokera. Oganiziridwa anali anayi. Ndinali nditaphunzira kale kuti wakuba sumutcha Chinyengo, zimenezo ndinachita kamodzi ndipo anandiseka mlungu wonse. Ndinaonanso kuti maina akayamba ndi chilembo chimodzi womvera amawasokoneza, ndiye ndinawasiyanitsa: Kachingwe wogulitsa nsalu, mayi Nasiyaya alandilodi, Mbewe mlonda, ndi Yusufu Bakali wosita zovala. Ndinkawatchula mokweza panjira, anthu n'kumandiyang'ana.

Chinsinsi ndinachibisa m'dzina lomalizalo. Kwathu ku Balaka, m'banja lathu la Chikatolika, dzina la bambo ndi limodzi kuyambira kwa agogo. Koma kwawo kwa mkazi wanga ku Ntaja, m'mabanja ambiri mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake n'kukhala lake lachiwiri. Telala uja ndinamutcha Bakali Mdoka. Yusufu anali mwana wake amene anamukana ali wakhanda, ndipo anatenga makinawo ngati gawo lake.

Ndinayamba ndayesa pa mnzanga wina, mphunzitsi wa ku Balaka komweko. Anawerenga mpaka kumapeto osaona kanthu, ndiye ine mapewa m'mwamba. Lamlungu ndinakhala pakhonde ngati loya.

Tsamba lachiwiri lisanathe, mkazi wanga anafunsa osadzutsa mutu, «Ndiye mnyamatayu bambo akewa akumulipira ngati waganyu?»

«Bambo ake ati?»

«Iii, abambo, mwati telala ndi Che Bakali, wosita ndi Yusufu Bakali. Mukufuna ndiitane sing'anga?»

Ndinatseka kope. Ndinabisa chinthu cha ku Ntaja kwa munthu wa ku Ntaja, pakhomo pake penipeni.

Ndikanatha kungochotsa dzinalo, koma pamenepo n'kubera womvera. Chizindikiro chiyenera kukhalapo, kuti pamapeto munthu abwerere n'kuchipeza. Ndinadikira miyezi itatu kuti aiwale, ndinalemba nkhani yatsopano ya mwini chigayo wa ku Ulongwe amene anamubera ndalama, ndipo ndinasintha zinthu ziwiri. Mwini chigayoyo aliyense ankangomutcha Che Fundi. Dzina lake loyamba, Amidu, linaoneka kamodzi kokha, pachikwangwani chofufutika cha chigayo, m'chiganizo chimene mbuzi inkadya chimanga cha kasitomala ndipo anthu ankakuwa. Kenaka ndinaikamo Amidu wina, wakabaza wachikulire wosalakwa, amene ankapatsa moni mtsikana woyeza ufa, Mariamu Amidu, m'mawa uliwonse. Sindinalembe paliponse kuti ndi bambo ake. Ndinangosiya kuti womvera adziyankhe yekha, chifukwa funso limene munthu wadziyankha salifunsanso.

Lamlungu lake nandolo anali atatha, ankasankha mpunga. Ndinawerenga za mbuzi ija, iye anaseka mbuziyo. Wakabaza atatulukira anati, «Bambo wake ndi ameneyu eti? Mwana akuyera ndi ufa chonchi, iye osamugulira ngakhale mpango.» Ine ndinangotsokomola.

Anaganizira mlonda wa pachigayo, kenaka mkazi wamng'ono wa Che Fundi. Nditafika patsamba lomaliza, wapolisi wofufuza n'kuloza chikwangwani chija kuti wakuba ndi Mariamu, mwana wa mwini chigayo, lichero linaima.

«Iyayi. Mwanama. Dzina limenelo simunalitchule.»

«Ndinalitchula, mayi.»

«Bwererani pa mbuzi paja.»

Ndinabwerera, ndinawerenga pang'onopang'ono. Anandigenda ndi kamwala kamene anachotsa mumpunga.

«Ndiye ndamunyoza wakabaza wa eni popanda chifukwa. Mukamupepese ndinu.»

Ndinamupepesadi. Ndinawonjezera ndime imodzi pamapeto, wakabazayo akugula njinga yatsopano.

Mkazi wanga sindinamugonjetsenso. Kuyambira tsiku limenelo ankandiimitsa pa dzina lililonse, ngakhale la galu, n'kufunsa kuti bambo ake ndani. Kopelo lilipo m'sutikesi, njenjete zinadya ngodya zake. Masiku ano maso anga ndi ofooka ndipo amene amawerenga ndi iye. Akafika pa mbuzi paja amachedwetsa mawu, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.