Malume Alengeza Chitsitsimutso

Malume anayamba kuwerenga mauthenga a maliro pawailesi ine ndisanapite kunja. Nditabwerako ndinapeza kuti anthu akangomva mawu awo amafunsiratu kuti watisiya ndani. Ndiye abusa atawapempha kuti ajambule chilengezo cha msonkhano wa chitsitsimutso, ndinawatsatira kuti ndikaone. Iwo ankalakalaka atalengezako chinthu chosangalatsa, ngakhale kamodzi kokha.

M'kachipinda kojambuliramo anawerenga mpaka kumapeto, wojambula n'kupukusa mutu.

"Achikulire, masekondi makumi atatu mwakwanitsa. Malo mwatchula kawiri, masiku ndi nthawi zamveka. Koma anthutu abwera ndi chipepeso. Zikakanika tipatsa mnzanu woulutsa nyimbo uja."

"Mawu anga ndi omwewa," anatero malume.

"Mwetulirani. Kumwetulira kumamveka pawailesi."

Anayesa, koma ankangooneka ngati dzino likuwawa.

Apo akazi awo, omwe ankadikira kuseri kwa galasi, anaika chikwama pansi n'kuyamba kutsanzira mmene abusa amadumphira ulaliki ukafika pachimake. Malume analuma mlomo, mapewa akugwedezeka.

"Pompano, tiyeni!" anatero wojambula.

"Bwerani kuchitsitsimutso! Pabwalo la sukulu ya pulayimale, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, 2 koloko masana tsiku lililonse. Kudzakhala makwaya ndi mapemphero. Musaiwale, pabwalo la sukulu!"

Chilengezocho chitamveka pawailesi, mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda.

"Anzanga, kodi muulutsi watsopanoyu ndi ndani?"

"Ndi bambo a kunyumba kuno," anayankha akazi a malume. "Mawu amenewo ndi omwe anandifunsira nawo mbeta."