Koko wakuda m'chitini cha bambo

Amamutcha Chipsera chifukwa cha dzanja lake lamanja, limene khungu lake linakwinyika kuyambira pachikhatho kufika pachigongono. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anapsereza keke ziwiri, ndipo bambo ake anamugwira pakhosi n'kumukankhira pachitseko cha uvuni chili moto. Umo ndi mmene ntchito inkaphunzitsidwira m'bekale imeneyo. Mkuluyo atamwalira anasiyira ana ake atatu uvuni, chitini chachikulu cha koko, ufa wopangira chokoleti, ndi manja ofulumira kumenya. Chipsera anatenga uvuni. Mng'ono wake, amene anthu amangoti Dalaivala, anatenga galimoto yoperekera katundu ndi kugulira zipangizo. Mlongo wawo anakhala pakauntala.

Kwa zaka makumi atatu keke ya chokoleti ya Chipsera sinasinthe: fulawa, shuga woyera, mafuta, mazira, madzi otentha, koko ndi soda. Inkatuluka yofufuma bwino, yofiirira ngati dothi la katondo, yowawasa pang'ono kumapeto kwa lilime. Koma panali patatha chaka maso ake atayamba kuchita nkhungu, ndipo sanauze munthu. Ankapima ndi makapu amene anawazolowera, nthawi ankaimva ndi mphuno. Ankadziwa kuti Dalaivala, amene ankafunitsitsa kulemba wophika wina wachinyamata, akangodziwa za masowo amuchotsa pa uvuni tsiku lomwelo.

Lolemba lina keke zinatuluka zafwaa, zolemera ngati njerwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu m'mawa Dalaivala analowa m'chipinda chophikira atanyamula thireyi imene eni lesitilanti ina anabweza, n'kuimenyetsa patebulo.

"Achimwene, idyani. Akuti tikugulitsa sopo."

Chipsera anabenthula pang'ono n'kutafuna. Zinali zoona. Kukamwa kunatsala kukoma kwa sopo wochapira.

"Soda ndaika yomwe ija," anatero.

"Mwakalamba, vomerani basi. Manja akunjenjemera, mutu wapita. Kakhaleni pakhonde muziwerenga magalimoto odutsa."

Chipsera anatola thireyi ija n'kumuphwanya nayo mng'ono wake kumaso, keke zili momwemo. Dalaivala anadzandira, anagwira mphuno, anaona magazi m'chikhatho, ndipo anamudumphira. Anagwera pamodzi pamatumba a fulawa, fumbi loyera n'kuti kobo chipinda chonse. Wamng'onoyo anamukhoma chibakera pakamwa, dzino n'kugwedezeka. Wamkuluyo anamuluma paphewa, anapapasa pansi, anapeza mpini wopondera mtanda, n'kumukwapula nawo m'nthiti kawiri. Sikelo inagwa, mazira khumi ndi awiri anaphwanyika pansi pa mawondo awo. Kenaka Dalaivala, amene anali wamphamvu, anamupotokola mkono, n'kuyamba kumukwakwazira ku uvuni. Chipsera anamva kutentha kwa chitseko padzanja lamanja, pachipsera pomwe paja, ndipo anakuwa ngati mwana wa zaka khumi ndi zinayi.

Ndowa ya madzi otsukira ziwiya inawakhuthukira onse awiri.

"Agalu inu!" anakalipa mlongo wawo, ndowa ili m'manja. "Bambo anafa, koma ndikuona anasiya mizimu iwiri. Makasitomala akumva zonse kunjaku. Mmodzi wafunsa ngati tikupha mbuzi."

Pandewupo chitini cha koko chinali chitagubuduka, ufa uli mbwee pansi. Chipsera, atakhala chotsamira mwendo wa tebulo, anafuna kupukuta magazi pamlomo ndi chala chimene chinagwa mu ufawo. Anaima. Ananyambitanso. Koko wake ankamudziwa ngati dzina lake: amawawa, amawawasa, amakanda lilime. Uyu anali wofatsa, wosalala, wopanda kuwawasa ngakhale pang'ono.

"Koko uyu si wanga. Wathira chiyani m'chitini cha bambo?"

Dalaivala analavula magazi. "Koko ndi koko. Ndinagula wabwino kuposa uja. Wogulitsa anati anthu masiku ano akufuna keke yakuda. Ndinathira m'chitinimo kuti musayambe phokoso lanu."

"Achemwali, m'kabati muli kapaketi kotsala ka wakale. Bweretsani, ndi matambula awiri, ndi madzi otentha," anatero Chipsera.

Anasungunula koko wakale m'tambula imodzi, watsopano m'inzake, n'kuthira soda pang'ono monsemo. Tambula ya wakale anaiika kukhutu. Munkamveka kusosoma kwa tithovu. Inzake inali zii.

"Tamvera, mbuli iwe," anatero, mawu akutuluka movutikira pamlomo wotupa. "Koko wachibadwa ali ndi asidi, n'chifukwa chake amawawasa. Soda ikakumana ndi asidiyo imatulutsa mpweya, mpweyawo ndiwo umakweza keke. Wakoyu anamutsuka kufakitale ndi mankhwala opha asidi, kuti ade ndi kufatsa. Soda yanga yalowa m'keke n'kusowa womenyana nayo. Yangokhala, osakweza kanthu kooneka, n'kusanduka sopo m'kamwa mwa anthu. Mukeke yanga mulibe mkaka wosasa, mulibe china chowawasa. Asidi yense ankachokera m'chitini ichi. Ndiye wakalamba ndani?"

Dalaivala anayang'ana pansi. Chipsera anamva kukoma kwa kupambana, ndipo akanaseka pakanapanda dzino lija.

Koma mlongo wawo anali atagwada, akuyerekeza ufa wa m'kapaketi ndi wa pansi uja pachikhatho chake. Analankhula motsitsa.

"Achimwene, wakaleyu ndi wofiirira ngati njerwa. Watsopanoyu ndi wakuda ngati khala. Ine ndikuona kusiyana ndili pakhomo paja. Inu mwatapa m'chitinimu masiku atatu, ndipo keke zimatuluka zakuda bii." Anakweza dzanja patsogolo pa nkhope yake. "Zala zingati izi?"

Chipsera ankaona chinthu chotuwa chikugwedezeka mu nkhungu. Akanatha kuponya nambala mwamwayi. Sanatero.

"Chaka chatha tsopano ndisakuona bwino," anatero.

Anadikira kuti amve mawu omuthamangitsa. Anamva mng'ono wake akudzuka, akubuula chifukwa cha nthiti, akuponda zikamba za mazira, akubwera kumene iye anali. Chipsera anafumbata chibakera. Dalaivala anaima pamutu pake nthawi yaitali, akupuma ngati ng'ombe.

"Wakudayu ndagula thumba lathunthu," anatero potsiriza. "Titaye?"

"Ayi. Amafuna bekingipauda, amene amabwera ndi asidi wakewake. Pa supuni imodzi ya soda uike zitatu za bekingipauda, soda uchotse. Ikwera. Idzakhala yakuda, yofatsa, koma si keke ya bambo."

"Keke ya bambo yatithyola mokwanira," anatero mlongo wawo, akutola sikelo.

Masana a tsiku lomwelo thireyi yoyamba inatuluka yofufuma mpaka kusefukira m'zitini. Wophika wachinyamata uja sanalembedwe, pakuti Dalaivala anadziwa kuti iye mwini, ndi maso ake awiri abwinobwino, akanathira soda yomweyo mpaka bekale kutsekedwa. Lero m'chipindamo muli zitini ziwiri za koko, chimodzi chomangidwa chingwe pachivundikiro kuti chizindikirike ndi dzanja. Dalaivala amawerenga sikelo ndi kuyang'ana mtundu asananyamuke ndi galimoto. Chipsera akadali pa uvuni, ndipo thumba lililonse latsopano salitsegulira ntchito asanaviike chala n'kulawa. Dzino lija linaguluka patapita sabata. Za kuchipatala cha maso akukanabe, ndipo mwezi wathawu, mng'ono wake atatchulanso nkhaniyo, anamugenda ndi kapu yopimira. Anaphonya.