Mawu a Pansi pa Inki

Ntchito ija ndinaipeza ndili ndi njala ya ntchito, ndiye sindinafunse zambiri. Anandituma ku Mzimba boma, m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya mpingo wina. Anandipatsa laputopu ndi zithunzi za mabuku akale a akulu ampingo, ochokera ku tchalitchi china cha kufupi ndi Embangweni. M'mabukumo munali milandu: woledzera, wotenga mitala, wogwidwa chigololo. Zonse zinalembedwa pamanja, m'Chitumbuka, ndipo ine Mchewa wa ku Dedza ndinkazilemba pa kompyuta mu XML, kalembedwe kotsekera mawu m'zizindikiro.

Lamulo la mkulu wa ntchitoyo linali limodzi: usakonze chilichonse. Mlembi akafufuta mawu ndi mzere, mawuwo ndinkawalembabe, nkuwatsekera m'chizindikiro chotchedwa del. Akawonjezera mawu pamwamba, ndinkawaika mu add, nkulembamo malo ake ndi dzanja limene linalemba. Mawu osaoneka bwino ankalowa mu unclear, pamodzi ndi muyezo wa kutsimikiza kwanga, wokwera kapena wotsika. Fayilo imodzi yomweyo inkatha kuonetsa tsamba loyera lowerengeka bwino, kapena tsamba lokhala ndi zipsera zake zonse.

Popeza Chitumbuka changa chinali cha kumsika, anandipatsa wondiyang'anira, mayi wachikulire amene anapuma uphunzitsi. Ndinkawatchula kuti amama monga ankachitira aliyense. Iwo ankanditchula "iwe". Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu ndi cholembera chofiira ndi galasi lokuzira zilembo, chifukwa maso anali atayamba kuwathawa.

Mayi aja ankandinyoza, tisabise. Ndikalakwitsa liwu limodzi ankaliwerenga mokweza mmene ndalilembera, kuti a mu ofesi aseke. Tsiku lina anati, "Kwanu kulibe mabuku oti uziwononga? Mbwenu mpaka ubwere kuno?" Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinasunga. Ine ndimasunga zinthu, ndi khalidwe langa loipa.

Chimene ankanyadira kwambiri ndi bambo awo, amene anakhalapo mlembi wa mpingowo. Tikafika pamasamba awo, amama ankasisita chithunzi ndi chala. "Taona z wa adada, wa mchira wautali. Anthu ankalemba kale, osati zako zogogoda mabatanizi." Za mayi awo sankazitchula. Ndinazimva kwa mayi wosesa: mayi awowo anachotsedwa mumpingo chifukwa cha chigololo amama ali aang'ono, nabwerera kwawo cha ku Euthini. Bambowo anakwatira wina. Amama anakulira kwa bambo, ndipo mayi awo atamwalira anakana kupita kumaliro.

Tsiku lina m'mawa ndinalipeza tsamba la mlandu umenewo. Dzina linali la mayi awo, mudzi womwewo. Mlanduwo unalembedwa ndi mlembi wakale, bambo awo asanalandire bukulo. Pamene panayenera kunena zimene mkaziyo anayankha, liwu lina linali litafufutidwa ndi mizere yambiri ya inki yakuda. Pamwamba pake, ndi inki ina, panali liwu lakuti wakazomera, kutanthauza kuti anavomera. Z wake anali wa mchira wautali.

Ndinakuza chithunzicho mpaka chinayamba kusweka. Pansi pa inki ndinaona waka, kenako chilembo chachitali, kenako mdima, nkuthera ndi a. Likhoza kukhala wakakana, anakana mlandu. Likhozanso kukhala wakalira, analira. K ndi l onse ndi aatali. Ndinagwira ntchito yanga moyenera. Mu del ndinaikamo unclear, mkati mwake wakakana, nkulemba kuti kutsimikiza kwanga nkotsika, ndipo m'mawu ofotokozera ndinalembamo wakalira uja. Wakazomera ndinamuika mu add, pamwamba, dzanja lachiwiri. Kompyuta itaiyesa, fayilo inadutsa popanda cholakwa.

Ndikanatha kuwaitana pambali. Ndikanatha kuyamba ndaimbira mkulu wa ntchito. Koma Lachisanu linalo abusa ndi akulu ampingo awiri ankabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, ndipo ndinadikira tsiku limenelo dala.

Amama anabwera atavala yunifomu ya amayi ampingo. Tisanayambe nkomwe anauza abusa kuti, "Mwana uyu akuyesetsa, koma lilime lathu lamukana chomene." Akulu aja anaseka. Ndinati mumtima, chabwino.

Ndinatsegula tsamba loyera poyamba. Ndinawerenga dzina, nkuwerenga wakazomera. Amama anayang'ana pansi, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akumva nkhani imene anaizolowera. Kenako ndinasintha, nkuonetsa tsamba la zipsera zonse, chithunzi chili pambali pake.

"Amama, mundithandize, Chitumbuka chandikana," ndinatero. "Dzanja ili la pamwamba ndi la ndani?"

Anatulutsa galasi lawo nasendera pafupi. Sanachedwe. Z ameneyo anali atamusisita miyezi itatu.

"Ndi la adada."

"Ndiye kuti anafufuta zimene mlembi woyamba analemba, nkuikapo zawo."

"Pansipo palembedwa chiyani?"

"Wakakana."

Pa sikirini liwulo linali lotuwa, lili ndi kachizindikiro ka funso kumapeto, monga pulogalamu imaonetsera mawu onse okayikitsa. Abusa anali ataima kumbuyo, sankadziwa tanthauzo la utoto umenewo. Amama sakanatha kukaona nkomwe. Anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba sananene kuti iwe.

"Mwana wanga, mwaona bwino? Ndi choncho ndithu?"

Ndinkadziwa yankho loona, ndinali nditalilemba ndekha m'fayilo. Likanangotenga mawu awiri: sindikutsimikiza, amama. Koma kuseka kwa akulu aja kunali kukanali m'makutu mwanga.

"Ndi choncho," ndinatero. "Mayi anu anakana mlandu."

Mkulu mmodzi anayamba kufunsa za mtengo wa laputopu. Amama anaika galasi m'chikwama, nasiya cholembera chofiira patebulo. Anati, "Yewo," natuluka. Ndinamva kukoma, sindinama. Kunandikomera mpaka madzulo.

Lachiwiri sanabwere, Lachisanu sanabwerenso. Wosesa uja anandiuza kuti anakwera galimoto ya matola kupita ku Euthini kukafunafuna manda a mayi awo, ndipo abale a kumeneko anawabweza pakhomo. Abalewo anawafunsa kuti tsiku la maliro anali kuti. Atabwerera anachotsa chithunzi cha bambo awo pakhoma. Kutchalitchi anasiya kupita, chifukwa nkhani inali itafika kale paliponse kudzera mwa akulu aja.

Patapita milungu ingapo ndinapempha kuti tsambalo alijambulenso ndi kuwala kochokera m'mbali, mwina kukanda kwa cholembera kungaoneke. Chithunzi chinabwera, inki inali yomweyo. Mwina mayiyo anakanadi. Mwina anangolira, mwamuna wake nkuona kuti kulira ndi kuvomera. Kufufuta kunachitika, dzanja ndi la bambo awo, zimenezo nzoona. Chimene sindikudziwa ndi chimene ndinalumbirira.

Ndinapita kwawo kamodzi, Loweruka masana. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, atawonda. Ndinali nditakonza mawu owauza zoona njira yonse. Ndisanakhale nkomwe pansi anandigwira dzanja.

"Mwandithandiza, mwana wanga. Ndikanafa ndikutukwana amama pachabe. Tsopano ndikudziwa woti ndimutukwane."

Ndinayang'ana chimanga chija. Ndikanena, ndiwalandanso mayi amene angowapeza kumene, ndipo bambo sindingawabwezere. Ndinawathandiza kutong'ola zisononkho ziwiri, nkutsanzika.

Anamwalira chaka chotsatira. Ana awo anandiuza kuti anakana kuikidwa pafupi ndi bambo awo. Fayilo ija ilipobe, aliyense akhoza kuitsegula. Pa liwu lija pakanali muyezo wotsika umene ndinalembapo ndekha, patatsala masiku anayi kuti ndiwauze kuti ndi choncho.