Adivansi ya Dalaivala Wathu

Ntchito ya ukalaliki ndinaiyamba ku Katete, pa mwenye wina amene anali ndi malole anayi ndi sitolo m'mbali mwa msewu wa ku Chipata. Ofesi yanga inali kachipinda kuseri kwa sitoloyo, konunkha sopo ndi palafini. Kumapeto kwa mwezi ndinkawerengera malipiro a anthu khumi ndi asanu ndi awiri, n'kuika m'maemvulopu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, bolopeni ziwiri m'thumba la shati, ndipo matama ndiye osanena. Munthu akandifunsa funso ndinkayamba ndayang'ana wotchi.

Tsiku lina mesenjala wa ku khoti anabweretsa kalata ya chidindo. Inali yokhudza dalaivala wathu wamkulu, bambo wofatsa amene anandiphunzitsa kumwa tiyi wopanda shuga chaka chimene shuga anasowa. Anali ndi mwana wamkazi kwa mayi wina wa cha ku Sinda. Ukwati panalibe, thandizo linali litasiya kalekale, ndiye mayiyo anakasuma, a majisitireti n'kulamula kuti ndalama zizidulidwa kuntchito konkuno.

M'kalatamo munali manambala awiri. Yoyamba, ndizidula makwacha 30 mwezi uliwonse n'kukapereka kwa kalaliki wa khoti, kumene mayiyo azikatenga. Yachiwiri, makwacha 120: amenewa ndi otsalira bamboyo kuti naye adye, ndipo kudula kwanga kusamutsitse pansi pa pamenepo. Mwezi ukachepa moti 30 sangakwane, ndidule zimene zili pamwamba pa 120 zokhazo, zotsalazo zidikire mwezi umene padzakhale mpata.

Masamu ake anali a mwana wa giredi folo. Bamboyo ankafola 180. Kuchotsa msonkho ndi za penshoni, zomwe zinali 20, kunkatsala 160. Pamwamba pa 120 panali 40, ndiye 30 ankatuluka bwinobwino, iye n'kupita kunyumba ndi 130. Miyezi itatu inayenda choncho.

Mwezi wachinayi uli pakati anabwera ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Akalaliki, ndikufuna adivansi ya makwacha 35. Alongo anga ku Vubwi amuna awo anamwalira. Ana anayi aja akuyang'ana ine."

Apa ndinene zoona, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Ine amene anandiphunzitsa sukulu ndi amalume. Atate anga anali moyo, ankalima fodya mudzi wachitatu kuchokera kwathu, koma yunifolomu yanga sankadziwa n'komwe mtundu wake, ndipo palibe anawadzudzulapo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna amasenza mbumba yake, ana a alongo ake. Choncho bamboyu atatchula alongo ake, mumtima ndinati uyu ndiye munthu, akuchita zomwe amalume anandichitira. Za mwana wa ku Sinda ndinangoti, kodi iyeyo alibe amalume?

Adivansi anapatsidwa. Pofika tsiku lofola ndinalemba 160, n'kuchotsa 35 ya adivansi, kutsala 125. Ndinayang'ana kalata ya khoti ija, ndinaona 120, ndiye ndinati pamwamba pali makwacha asanu okha. Ndinadula asanuwo. Ndinadziona ngati munthu wodziwa malamulo zedi, mpaka ndinalemba mzere wofiira kunsi kwake ndi rula.

Mwezi wotsatira anabweranso, winawo chimodzimodzi. Kuyambira Seputembala mpaka Disembala ndinkapita ku khoti ndi makwacha asanu. Kalaliki wa kumeneko anafunsapo kamodzi, ine n'kuyankha kuti malipiro achepa, lamulo silikulola. Analemba lisiti osafunsanso, poti pakhomo pake panali mzere wa anthu.

Sindinganene kuti bamboyo anachita dala. Mwina poyamba sankadziwa. Mwina ataona kuti emvulopu sikupepuka kwenikweni anangoti laponda lamphawi. Sindinamufunse, ndipo wolemba manambala sanali iye.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kunabwera mayi wovala nsapato za pulasitiki, matope mpaka m'mawondo, ndi mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu atanyamula kope m'pepala la shuga kuti lisanyowe. Anakwera lole ya feteleza kuchokera ku Sinda, anayamba afika ku khoti, kumeneko n'kuwauza kuti kafunseni kuntchito. Mayiyo anakhala pansi pakhomo, mpando anaukana.

"Pepani achimwene, tabwera kudzamva. A khoti anati makwacha 30. Ife tikulandira asanu. Mwanayu wakhoza giredi seveni, amusankha ku sekondale yogonera komweko. Akufuna ndalama ya chakudya, yunifolomu, bulangete ndi sutikesi, zonse 120. Akapanda kufika masabata awiri sukulu itatsegulidwa, malo apatsa wina. Asanu asanu aja ndinasunga, alipo 20."

Ndinayang'ana wotchi. Kenaka ndinatsegula buku, ndi mtima wofuna kuwaonetsa kuti pano sitilota, ndipo ndinawawerengera mzere ndi mzere, mokweza ngati ndikuphunzitsa kalasi. Mtsikanayo anaimirira n'kusuzumira. Anapempha kuona kalata ya khoti, ndinamupatsa moseka. Anaiwerenga yonse, Chingelezi chake chija, milomo ikugwedera, mpaka kuseri kumene ine ndinali ndisanawerengeko bwino.

"Akalaliki," anatero motsitsa mawu, "apa alemba kuti muyambe mwachotsa msonkho ndi za penshoni. Nanga adivansi ndi msonkho?"

"Adivansi ndi adivansi, iwe."

"Ndiye kuti ndalamayo atate analandira kale?"

"Eya, pa tsiku la 15."

"Ndiye kuti mwezi umenewo analandira 35 ndi 120. Si 155 imeneyo?"

Kunja mvula inkagwa pamalata. Mwanayo ankanena zoona. Adivansi si ndalama yochoka kwa munthu, ndi malipiro ake omwewo amene wadyeratu. Malire aja a 120 amayezedwa pa 160, ngongole za kusitolo ndi maadivansi zisanakhudzidwe. Ndinayenera kudula 30 yonse, kenaka n'kubweza adivansi pa zotsalazo. Emvulopu ikanakhala ndi 95, koma kuphatikiza 35 ya pa 15 ija bamboyo akanakhala atalandira 130 monga kale. Miyezi inayi, makwacha 25 mwezi uliwonse. Makwacha 100, ndendende zimene zinkasowa pa 120.

Manyazi anasanduka ukali, monga amachitira kwa anthu amatama. Ndinamenya tebulo n'kulonjeza kuti mwezi uno ndidula 130 yonse kamodzi, aone. Mayiyo anawomba m'manja mwaulemu, ananyamuka ndi mwana wake kukadikira lole.

Madzulo ndinathamangira kwa kalaliki wa khoti, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Anamvetsera, anavula magalasi, anapukusa mutu.

"Mwalakwa kamodzi, mukufuna mulakwenso kawiri? Mukadula 130, munthuyo atsala ndi 30. Nanga 120 ija a majisitireti analembera chiyani? Pamwamba pali 40 basi. Dulani 30 ya mwezi uno ndi 10 ya m'mbuyo. Mwezi wamawa chimodzimodzi."

"Imeneyo ndi miyezi khumi, bambo! Sukulu ndi ya mawa lomweli."

"Manambalawo sindingasinthe ine, simungasinthe inu. Mayiyo atha kupempha khoti liwaonenso, koma tsiku la mlandu lisanafike sukulu ikhala itatseka chitseko. Ndipo abwana anu auzeni, kusatsata kalata imeneyi kuli ndi faindi. Faindiyonso imapita ku boma, osati kwa mwana."

Malire omwe aja, amene ndinawagwiritsa ntchito molakwa miyezi inayi, tsopano anaima bwinobwino pakati pa ine ndi kukonza cholakwa changa. Ndinakwiya nawo, koma poyenda kubwerera ndinaganiza za nyumba ya dalaivalayo. Anali ndi mkazi ndi ana atatu kukomboni, ndipo iwo sanalakwire munthu.

Abwana atamva za faindi anakalipa mpaka makasitomala anatuluka m'sitolo. Analetsa maadivansi kwa aliyense, anzanga n'kundida mwezi wathunthu. Zobwereketsa 100 anakana. Anati amene walakwitsa masamu ndi amene alipire.

Ndinapita kwa dalaivala, ndinamupeza pansi pa lole akumanga sipuling'i. Ndinamuuza kuti khoti laika malire pa zimene ine ndingadule, koma silinaike malire pa zimene iye angapereke ndi dzanja lake. Anatuluka, anapukuta manja nthawi yaitali.

"Ndalama zija zinagula chimanga ku Vubwi, zinadyedwa. Inuyo akalaliki, anakuphunzitsani ndani?"

"Amalume."

"Nanga."

"Koma mwanayu amalume ake anapita kumigodi kalekale, sadziwika ngati ali moyo. Mayi ake andiuza."

Anatsamira lole. Kenaka anati mtsikanayo anamuona komaliza akuyamba kumene kuyenda, ndipo anafunsa ngati watalika. Pa tsiku lofola anatulutsa makwacha khumi mu emvulopu yake n'kundipatsa osandiyang'ana. Ine ndinaikapo khumi ndi asanu. Kunena zoona ndikanatha kuikapo makumi atatu, koma ndinali nditaika kale chikole pa wailesi. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero kuposa masamu aja.

Ndi 40 ya kukhoti ndi 20 yosunga ija zinakwana 85. Mayiyo anayenda m'midzi kufuna 35, koma Febuluwale ndi mwezi wa njala, aliyense nkhokwe ili pululu. Mmene ankagulitsa nkhumba yake yaing'ono n'kuti masabata awiri atadutsa. Anapitabe ndi mwanayo kusukuluko, sutikesi ili pamutu, anakapeza bedi lili ndi mwini.

Ndinadula 40 mwezi ndi mwezi, osaphonya ngwee, mpaka Okutobala. Kuyambira pamenepo kalata iliyonse ya khoti ndinkaiwerenga mbali zonse ziwiri, ndipo akalaliki amene ndinawaphunzitsa pambuyo pake ankadabwa chifukwa chimene ndinkakalipira munthu akasakaniza adivansi ndi msonkho. Ankati mdalayu ndi wovuta. Eya, ndine wovuta.

Nditapita kukapereka ndalama za Novembala, kalaliki wa khoti ananditsegulira buku lake kuti ndione pamene mayi uja analandirira 40 yomaliza. Mayiyo sankalemba, ndiye pambali pa chidindo cha chala chake panasaina mwana. Zilembo zoima bwino, zoyera kuposa zanga. Kalalikiyo anati mtsikanayo anafika ndi kope lake lija, anawonkhetsa miyezi yonse khumi ali chiimire, n'kunena kuti zakwana, akalaliki aja muwauze kuti tsopano akhoza.

Ndinafunsa ngati wabwereza giredi seveni. Anati ayi, akuthandiza amake kugulitsa nsawa pa siteshoni ya basi ku Sinda, ndipo chenji sabera munthu.