Maloko a m'nyumba ya a Makaiko

Ku Songani aliyense ankadziwa kuti a Silas Makaiko, telala wa pakhonde la golosale, sakhulupirira munthu. Ukawapatsa nsalu ankaiyeza kawiri iwe ukuona, kuopa kuti mawa ungadzanene kuti akuba chidutswa. Makina osokera aja ndi amene anamanga nyumba yawo yachiwiri ku Domasi, yamalata, yazipinda zinayi, kufupi ndi njira yopita kukoleji ya aphunzitsi. Maso atayamba kuchita chidima, ulusi osalowanso pasingano, anasiya kusoka n'kunena kuti nyumbayo ndiyo penshoni yawo.

Poyamba ankachititsa lendi chipinda chilichonse pachokha, K25,000 pamwezi. Zikadzaza zonse inkakwana K100,000, koma kudzaza kwake kunali kwa apo ndi apo. Ophunzira akapita kutchuthi zipinda ziwiri zinkangokhala, akangaude n'kumamanga. Mita ya magetsi inali imodzi, ndiye mayunitsi akatha aliyense ankaloza mnzake kuti ndiye ali ndi mbaula yamagetsi pansi pa bedi. Bilu ya madzi inali mlandu, kusesa kuchimbudzi mlandu. Mnyamata wina anasamuka a Makaiko ali kumaliro, ananyamula ndi babu lomwe. Mwezi ukatha a Makaiko ankapalasa njinga kuchokera kwawo kwa Malemia kukagogoda zitseko zinayi, n'kumva nkhani zinayi.

"Nyumba imeneyi ikuphani ndi BP," ankatero akazi awo, mayi Irene. "Pezani banja limodzi mupume."

"Banja limodzi likathawa tidzadya chiyani? Anthu anayi sathawa tsiku limodzi."

Kenaka kunabwera a Alaudin, bambo wodekha wogulitsa zitsulo za njinga ku Malosa. Anati akufuna nyumba yonse pa K70,000, apereka miyezi itatu nthawi imodzi, magetsi ndi madzi aziona okha. A Makaiko anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Pabanja panu mulipo angati, achimwene?"

"Ine, mayi akunyumba a Zuwena, ndi kamwana kamodzi."

"Anthu atatu, zipinda zinayi? Chinacho muzigonekamo njinga?"

A Alaudin anangoseka. "Abale amabwera, bambo."

Yankho limeneli silinawakhalire bwino a Makaiko. Koma nthawiyo zipinda ziwiri zinali zopanda anthu, wachitatu anali atanena kale kuti akusamuka, ndipo feteleza anali asanagule. Mayi Irene anawakumbutsa kuti K100,000 ija ankangoitchula pakamwa, m'manja sinkafika kawirikawiri. A Makaiko anavomera, walendi wachinayi wotsalayo anamupatsa notisi, makiyi onse anapita kwa a Alaudin.

Lendi inkabwera pafoni tsiku lake lisanafike. Palibe amene ankawaitanira mpopi wodontha kapena mkangano wa tsache. Mayi Irene anati amuna awo ayamba kunenepa. Koma mtendere womwewo ndi umene unkawasowetsa tulo a Makaiko. Munthu wolipira msanga chotere, osadandaula kanthu, akubisa chiyani? Mwina akusungamo katundu wakuba. Mwina akufuna kuzolowera nyumbayo kuti tsiku lina adzati anagula.

Anayamba kudzera njira ya kumeneko ngakhale popita kuchigayo, komwe kunali kuzungulira. Tsiku lina anaona pachingwe mabulauzi ambiri, osiyana misinkhu. Tsiku lina nsapato zachitsikana zitandandalika pakhonde. Anafunsa mayi wogulitsa mandasi pafupi, iye n'kuti, "Kumakhala atsikana akukoleji, bambo. Simukudziwa?"

Loweruka m'mawa anafika ndi bodza loti akufuna kuona ngati denga likudontha. Mayi Zuwena anawalandira mwaulemu n'kuwalowetsa. A Makaiko denga sanaliyang'ane n'komwe. Maso awo anali pazitseko: zitatu zinali ndi maloko, lililonse la mtundu wake. Pakhoma la kukhitchini panapachikidwa makapu asanu ndi imodzi, iliyonse yomangidwa kaulusi ka mtundu wina.

"Abale aja ndi amenewa? Abale amakhoma zitseko m'nyumba ya mlamu wawo?"

Mayi Zuwena sanabise. Anati m'chipinda chilichonse mwa zitatuzo mumagona atsikana awiri, amalipira malo ndi chakudya, iwo amawaphikira, kuwagulira mayunitsi ndi kuwayang'anira ngati ana awo.

"Ndiye mukukolola m'munda mwanga!"

Madzulo ake a Alaudin anapita okha kwa Malemia. Anakhala pampando, chipewa pabondo. "Bambo, tinalakwa kusakuuzani, pepani. Koma popangana simunanene kuti tisaikemo anthu. Ndipo pa tchuthi chapitachi atsikana onse anapita kwawo, inu lendi yanu munalandira yonse. Amene analuza ndi ife. Ngati mukufuna tikwezeko, tikambirane. Tikhoza kufika K85,000."

Mayi Irene anawatsina amuna awo pamkono. Koma m'mutu mwa a Makaiko munali kale masamu ena. Munthu wokweza yekha msanga chonchi ndiye kuti akupeza zochuluka bwanji? Atsikana asanu ndi mmodzi! Bwanji ndalama zonsezo zisamabwere kwa mwini nyumba?

"Mwezi ukatha mundipatse makiyi anga. Atsikanawo asiyeni, ndiziwaona ndekha."

"Muziwaphikira ndinu?" anafunsa mayi Irene alendo atapita. "Ine mawondo angawa sindingamapite ku Domasi m'mawa ndi madzulo."

"Aziphika okha. Chimene akufuna ndi denga."

Mwezi unatha. A Makaiko anapita kukalandira nyumba yawo, anaipeza yosesedwa bwino, makoma opakidwa laimu, makiyi ali m'manja mwa a Alaudin. Koma munalibe munthu. Banja lija linapeza nyumba ina kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, ndipo atsikana onse analitsatira ndi zikwama zawo. Mmodzi, dzina lake Tawina, anakumana nawo panjira atasenza matilesi.

"Mwana wanga, bwanji osakhala? Ndikuchotserako mtengo."

"Pepani agogo. Makolo athu anatipereka m'manja mwa anti Zuwena, osati m'manja mwa nyumba."

Temu inali pakati, ophunzira onse anali ndi pogona kale. Nyumba inakhala chitsekere miyezi iwiri, ndipo a Makaiko ankagonako okha masiku ena kuopa akuba mawaya. Pambuyo pake anapeza wakabaza wina dzina lake Isaki, amene anatenga chipinda chimodzi, ndi mayi wogulitsa kaunjika amene anatenga china. Sabata yoyamba yomwe awiriwo anakangana za mayunitsi, foni ya a Makaiko n'kuyambanso kulira.

Mayi Irene anawauza kuti apite kutsidya akapepese, mwina a Alaudin angabwerere. A Makaiko anakana. Iwo amakhulupirira mpaka lero kuti mayi Zuwena anawaipitsira mbiri kukoleji, ngakhale palibe amene anawamvapo akunena kanthu. Mu Janyuwale kunabwera mphunzitsi wina wa ku Malosa kudzafunsa nyumba yonse. A Makaiko anamufunsa ana ake, abale ake, kwawo, mpingo wake ndi chifukwa chimene akusamukira kumene ali, mpaka munthuyo anati akaganize kaye. Sanabwerenso.

Masiku ano zipinda zitatu zili ndi anthu, chimodzi chikudikira. Mukadutsa pamenepo Loweruka muwapeza a Makaiko atagwada pampopi ndi sipanala, akumufunsa Isaki kuti ndani anapotokola chitsekerero, Isaki akulumbira kuti anachipeza chili chomwecho.