Mphete imene inakana chala changa

Boma litasamukira ku Lilongwe, abambo akunyumba anatsogola, ine n'kutsala ku Zomba ndi mimba. Pofika ku Area 12 ndi khanda kumsana, mphete yanga yaukwati inali m'kachikwama. Zala zinali zitanenepa, ngakhale sopo ankalephera.

Vuto linali lakuti masiku amenewo amuna ambiri a m'boma ankabwera okha, ndipo ena ankadzipezera owaphikira. Choncho amayi a kutchalitchi akakupatsa moni, maso ankathamangira pachala. Mayi wina anandifunsa mokoma kuti, “Kodi inu ndinu achibale a bambo aja?” Zinandiwawa koopsa. Ine wa ukwati woyera, ana atatu!

Loweruka ndinawakoka bambowo mpaka ku Old Town, kwa mmwenye wina wosula golide kuseri kwa sitolo ya nsalu. Njira yonse ankangong'ung'udza kuti tigule ina. Ndinkayesa ndi ulesi wawo wa masiku onse.

Mmisiriyo anandiyeza chala, kenaka anaika mpheteyo pansi pa kagalasi.

“Mwayi wanu ndi golide weniweni,” anatero. “Ikanakhala yongopaka pamwamba, moto ukanaisupula. Mphete ya miyala kuzungulira konse sindiikhudza n'komwe. Yosalala ndimatha kuikoka pang'ono, ngakhale imapyapyala. Koma iyi ili ndi timasamba tozokota, tingapindike. Ndiponso ndikaikoka ithetheka apa pamene munadulitsa kale.”

“Sindinadulitsepo ine.”

Anandipatsa kagalasiko. Kunsi kwa mpheteyo kunali kamzere kopyapyala, ndipo tsamba limodzi linathera pakati, n'kulumikizana ndi phesi losakhala lake.

“Inali yaikulu, wina anaichepetsa,” anatero.

Ndinacheuka. Bambowo anali kalikiliki kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli mayeso.

“Bambo a ana, mpheteyi munati munaitanitsa yatsopano ku Blantyre.”

“Inali yatsopano ndithu,” anayankha chapansipansi. “Kungoti mwini wake woyamba anasintha maganizo. Mphunzitsi wina amene ndinamutomera kwathu ku Rumphi. Sanaivale n'komwe, anangoyesa. Ndiye ndikanataya golide?”

Ndikanataya golide! Munthu n'kuyankha ngati akufotokoza za mipando ya ku ofesi. Ndinafuna kuiponya mumtsinje wa Lilongwe, koma ndinakumbukira maso a amayi aja. Mawa lake linali Lamulungu.

Mmisiriyo anati njira inalipo imodzi: kudula pa kamzere komweko, kuikapo kachidutswa kena ka golide n'kuwotcherera. Anandichenjeza kuti pamenepo padzakhala posalala, timasamba sitidzakumananso, ndipo mtundu ukhoza kusiyana pang'ono.

“Dulani,” ndinatero.

Madzulo tinakaitenga. Inalowa bwinobwino, osathina, osagwedera. Bambowo anaiyang'ana, nkhope n'kuwala ngati munthu amene mlandu wamuthera, ndipo pofuna kundisangalatsa anati:

“Mwaona! Yangobwerera mmene inalili poyamba.”

Ndinayenda wapansi mpaka kudepoti, iwo akunditsatira pang'onopang'ono pagalimoto. Zaka zonsezo ndinabereka, ndinanenepa, ndinasamuka, kuti pomaliza chala changa chifanane ndi cha mphunzitsi wa ku Rumphi.