Chaka chomwe ng'ombe yathu inakana madeya

Amuna anga anandibweretsera mkazi mnzanga ndili kale ndi imvi, ndipo anali wa miyendo inayi. Ndimamutchula choncho chifukwa chibwerereni ng'ombe imeneyo pakhomo pathu, kuseri kwa phiri la Soche komwe tauni imathera, moni wam'mawa ankayambira kukhola. Ine wanga ankabwera pambuyo, nthawi zina osabwera n'komwe.

Sindinkawadandaula kwenikweni. Zipani zitachuluka, kampani imene ankagwirako ntchito ku Limbe inachepetsa anthu, iwo n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. Munthu amene ankadzuka tambala asanalire anayamba kungokhala pakhonde, wailesi pakhutu. Ine ndinkapitabe kokasoka zovala ku Limbe, ndipo madzulo ndinkawapeza pomwe ndinawasiya. Ndiye gulu la alimi a mkaka la m'dera lathu litatipatsa ng'ombe ya mawanga akuda ndi oyera, ndinaona mwamuna wanga akudzuka ngati wachira matenda. Lamulo la gululo linali lodziwika kwa aliyense: mwana wamkazi woyamba wa ng'ombeyo upereke kwa mnzako, ndipo ng'ombe ukailephera kusamala, akomiti amabwera ndi chingwe n'kukaipereka kwa wina.

Ife ndife a ku Chigwa cha Shire. Abambowa anakulira ku Chikwawa akuweta ng'ombe za linunda, ndipo kwathu ng'ombe yabwino ndi yonenepa, nkhani yatha. Munthu wa ng'ombe zooneka nthiti amasekedwa ngakhale pamaliro. Tsono yathuyi itatenga bere lachiwiri, titasiya kuikama kuti ipume, iwo anati wapakati samanidwa chakudya. Madeya ankabwera pa njinga kuchokera kuchigayo cha ku Manja, thumba pa thumba. M'mawa beseni, masana beseni, madzulo beseni. Ng'ombe inanenepa mpaka msana kuchita kusalala ngati tebulo langa lodulirapo nsalu. Anzawo akutchalitchi ankabwera kudzaiona, akugwedeza mitu. "Achimwene, apa ndiye mwaweta!" Iwo n'kumangomwetulira, manja kumbuyo.

Inabereka mwana wamkazi, movutikira ndithu, koma inabereka. Masiku oyamba mkaka unkatuluka wochititsa mantha, chidebe kudzaza thovu mpaka kukamwa. Kenaka zinthu zinatembenuka. Ng'ombe ija inayamba kununkhiza madeya n'kutembenuza mutu. Udzu inkangotolatola pang'ono. Mkaka unatsika, ndowe zinauma, ndipo thupi lija linkasungunuka tikuona ndi maso. Mwezi usanathe, mafupa a m'chiuno anali atatuluka poti ukhoza kukolekapo chipewa.

"Yatopa nawo madeya a ku Manja," anatero amuna anga. Anakagula a kuchigayo china. Inakananso. Anathiramo madzi ofunda kuti akhale ngati phala la mayi wochira kumene. Inangowayang'ana.

Ine ndinapsa mtima. "Abambo, ng'ombe ikutha iyi! Mukudikira kuti igwe kaye? Itanani alangizi."

"Alangizi akabwera, akomiti amva."

Apo ndiye ndinazindikira chimene chinkawadya. Ankaopa chingwe chija. Ndinawasiya akadali kuyankhula, ndinamanga chitenje, ndinapita ndekha.

Alangizi a ziweto a dera lathu anali mayi wamfupi woyenda pa njinga yamoto, wosachedwa ndi malonje. Atalowa m'khola anayamba ndi kununkhiza mpweya wa ng'ombeyo, n'kundiitana kuti nanenso ndinunkhize. Iii! Fungo lozuna lachilendo, ngati mankhwala aja atsikana amachotsera utoto wa m'zikhadabo. Kenaka anayamba kuisisita ndi dzanja: pamsana, pa timafupa tatifupi ta m'mbali mwa msana kutsogolo kwa chiuno, pa mafupa a m'chiuno, ndi patsinde pa mchira pomwe panali patachita dzenje.

"Pobereka inali bwanji?" anafunsa.

Amuna anga anayankha monyadira ndithu. "Simukanapeza fupa ngakhale limodzi. Mchira unkachita kumira m'mafuta."

"Ndiye vuto ndi limenelo, bambo."

Anatifotokozera titaima momwemo m'ndowe. Anati thupi la ng'ombe ya mkaka amalipatsa malikisi ndi dzanja, kuyambira wani mpaka faifi. Wani ndi mafupa okhaokha, faifi ndi mafuta okhaokha. Yoyenera pobereka ndi ya pakati, pa firii kapena kupitirirako pang'ono, pomwe mafupa umawamva ukasindikiza koma osabaya dzanja. Yathuyi inabereka itadutsa folo, tsopano inali pa thuu ndi theka. Anati ng'ombe ikangobereka, mkaka umathamanga kusiya chilakolako cha chakudya m'mbuyo, ndiye imadya mafuta a m'thupi mwake kuti ikwanitse. Kuwonda pang'ono n'kosadabwitsa. Koma yonenepa kwambiri imadya mochepa kuposa inzake, mafuta amasungunuka ambiri nthawi imodzi, chiwindi chimalephera kuwasenza, ndipo ikadwala choncho imayamba kukana madeya omwewo. Fungo lija linali chizindikiro chake.

Ndinangoti mumtima, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope ya amuna anga inali itagwa kale.

Alangizi anailowetsa madzi a shuga mumtsempha wa pakhosi, n'kutisiyira mankhwala oimwetsa masiku angapo. "Koma mankhwala angoidzutsa chabe," anatero. "Chochiza ndi chakudya. Ndiyenera kuwauza akomiti, simungandiletse. Ndibwera nawo mwezi ukatha. Ikakhala pomwe ilipa, ikudya, ndiilankhulira. Ikatsika kufika pa thuu, sindikhala ndi mawu."

Chakudya chake chinali chonchi. Choyamba nsenjere, yanthete osati yokhwima ngati bango, yodula tizidutswa, yofota pang'ono, ndipo isamathe modyeramo. Pamwamba pake masamba ouma a mtedza ndi a mtengo wa lukina pang'ono. Madeya okha anati amapatsa mphamvu koma alibe zokwanira zomanga thupi ndi kupanga mkaka, ndiye tiziwasakaniza: magawo atatu a madeya, gawo limodzi la zotsalira pofinya mafuta a mpendadzuwa, ndi mchere wa ng'ombe wogula kusitolo. Tiyambe ndi pang'ono, tiziwonjezera pang'onopang'ono, katatu pa tsiku, ikayamba yadya udzu. Ikachira, muyeso uzitsata mkaka, pafupifupi kilo imodzi pa malita awiri. Madzi asaume m'chomwera.

Ndinatenga chitini cha penti chotsuka bwino, ndinakachiyeza pa sikelo ya mayi wina wogulitsa nyemba kumsika wa Limbe, n'kuchilemba mzere ndi msomali. Kuyambira tsiku limenelo wosakaniza ndinali ine.

Nkhondo ndiye inayamba pamene ng'ombe inayambanso kudya. Itangonyambita chitini choyamba n'kumaliza, abambowa anathamangira thumba la madeya, beseni lili m'manja.

"Mukupita nalo kuti beseni limenelo?"

"Simukuona kuti yayamba kulandira? Masiku akutha awa, mayi. Inenepe msanga asanabwere."

"Asa! Alangizi anati chiyani? Mukaithira madeya ambiri nthawi imodzi, m'mimba muwira, itsegula, isiyanso kudya. Mukufuna tiyambirenso?"

"Ine ndinayamba kuweta ng'ombe inu musanamere mano."

"Za linunda zimenezo! Zinkatulutsa mkaka wa kapu imodzi. Iyi ndi ina."

Thumba la madeya ndinalikokera kuchipinda, ndinaliika kuseri kwa makina osokera, ndinakiya chitseko, kiyi n'kumangirira pamfundo ya chitenje. Ndinkapita naye ku Limbe, kuwasiyira chitini cha masana chokha. Anakhala masiku osandiyankhula bwino. Koma nsenjere ankadula, chilungamo chake. Ankapita kudambo ndi chikwakwa dzuwa lisanatuluke, kusankha yanthete yokhayokha, n'kuidula pachipika modekha ngati akudulira mwana ndiwo. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza ali m'khola okha, dzanja lili patsinde pa mchira, maso atatsinzina, akuyesa kumva zimene alangizi ankamva. Ndinabwerera mwakachetechete kuti asachite manyazi.

Chimene chinkawasautsa n'chakuti ng'ombe sinkanenepa. Mkaka unkakwera, ndowe zinafewa bwino, fungo lija linatha, inkagona pansi n'kumabzikula, koma nthiti zinkaonekabe. Anzawo aja ankadutsa pamsewu osalowanso. Mmodzi anachita kufuula kuti, "Achimwene, yatani kodi, mwayamba kuimana?" Iwo anangowerama. Pambale pawo chakudya chinkabwerera theka, lamba anaboola bowo lina. Ine mtima unkandipweteka, ndisaname.

Tsiku lija linafika. Alangizi anabwera ndi akomiti awiri, bambo wachikulire ndi mayi wina, ndipo bamboyo anali ndi chingwe chopindapinda m'manja. Mkuluyo anaiyang'ana ng'ombe kuchokera panja n'kupukusa mutu. "Yawonda iyi."

"Maso amanama, tiyeni tigwire," anatero alangizi. Koma m'malo moigwira okha anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, ng'ombe ndi yanu. Tiuzeni ili pati."

Ndinati Ambuye, munthuyu asakokomeze. Analowa, anaika dzanja pamsana, analitsetsereka pa timafupa tija, pachiuno, mpaka kumchira. Anatenga nthawi.

"Firii sinafike," anatero motsitsa mawu. "Timafupati ndikutimva tonse, koma sitikubaya. Kumchiraku dzenje lilipo, koma pansi pake pali kamnofu. Ili pomwe munaisiya, thuu ndi theka."

Alangizi anagwira momwemo, kenaka anagwiritsanso akomiti aja. "Anena zoona. Sinatsike, ikudya, mkaka wakwera. Panopa sitimayembekeza kuti inenepe, timangofuna isiye kutsika. Thupi lidzabwerera mkaka ukayamba kuchepa. Ng'ombe iyi ikusamalidwa."

Bambo wachikulire uja anayang'ana modyeramo muli nsenjere yodula bwino, anayang'ana chitini changa cha mzere, n'kuponya chingwe chija paphewa. Ine ndinangokhala pansi pachipika chodulira udzu, misozi ili chuchuchu, ndikuseka nthawi yomweyo. Mtima unakhala m'malo koyamba chibadwire mwana wa ng'ombe uja.

Alendo atapita, amuna anga anatsalabe m'khola, chipumi atachitsamiritsa pakhosi pa mkazi mnzanga uja. Ndinapita n'kuwagwira m'nthiti, pamwamba pa malaya, mmene iwo anagwirira ng'ombe.

"Nanga inu abambo, apa ndikuona thuu weniweni. Akomiti akadagwira inuyo, bwenzi atanditengera mwamuna."

Anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala. Kenaka anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Mayi, mbatata ija yatsala? Ndi tiyi wamkaka. Njala yandigwira."

Ndinamasula kiyi pachitenje n'kuwapatsa m'manja, ndipo ndinapita kukayatsa mbaula.